Kasitomala wa ku Kobwe mwamupeza pa zingati, ndipo abweza liti?

Mapulani a bizinesi amene achinyamata akulemba masiku ano pofuna thandizo la mabungwe kapena ngongole ya kubanki sasowa tsamba lokhala ndi manambala awiri oimikidwa moyandikana. Yoyamba ndi ndalama zimene kampani imawononga kuti ipeze kasitomala mmodzi watsopano, imene pa mafomu amailemba CAC. Yachiwiri ndi phindu lonse limene kasitomalayo adzasiye m'kampani kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku limene adzasiyane nayo, imene amailemba LTV. Olemba pulani amagawa yachiwiriyo ndi yoyamba, ndipo yankho likapitirira 3 amati bizinesi ili bwino. Ife tikuti tsamba limeneli, likamanena za gombe la boma la Lago, liziwerengedwa ndi diso lokayika, chifukwa nambala yoyamba ndi ndalama zimene zimatulukadi m'thumba mwezi uno, pamene yachiwiri ndi lonjezo la munthu amene chuma chake chili m'manja mwa mphepo, mwezi ndi usipa.

Bizinesi imene nkhaniyi ikuikhudza kwambiri kuno ndi ya masola olipira pang'onopang'ono. Banja limapereka dipoziti, limatenga kabokosi ka batire, mababu ndi potchajira foni, kenako limalipira pa foni tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata. Likalipira limalandira manambala otsegulira, likapanda kulipira kabokosi kamadzitseka. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya M-KOPA ku Kenya, ndipo kuno ku Mozambique makampani monga SolarWorks! ndi Fenix International, imene inalowa m'dziko muno mu 2019 ili m'manja mwa ENGIE, aigwiritsa ntchito. Boma likufuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo nthambo za EDM sizingafike msanga mudzi uliwonse wa pakati pa Meluluka ndi malire a Tanzania. Msika ulipo ndithu. Funso ndi lakuti, kodi kasitomala mmodzi, paiye yekha, akubweretsa zambiri kuposa zimene wadya?

Tiyeni titenge pulani yongoyerekeza, ya mtundu umene gulu la achinyamata a ku Metangula lingalembe. Manambala ake tawasankha kuti masamu aoneke bwino, ndipo aliyense aikemo ake. Sola imagulitsidwa pa dipoziti ya mametikali 1,000, kenako mametikali 25 pa tsiku kwa miyezi 24. Pa mwezi ndi 750, pa miyezi yonse ndi 18,000, kuphatikiza dipoziti ndi 19,000. Wogulitsa amalandira komishoni ya 600 pa sola iliyonse. Pulani ikuti kasitomala amapezeka pa 600 ndipo amabweretsa 19,000. Ndiye kuti metikali imodzi ikubala zoposa 30. Zikanakhala choncho, bwenzi amwenye onse a ku Nampula atatseka masitolo awo n'kubwera kudzagulitsa masola ku Msumba.

Kodi 19,000 imeneyi ndi yanu yonse? Sola simunaitole panjira. Tinene kuti kuigula, kuilipirira msonkho ndi kuinyamula mpaka ifike ku Lichinga kwadya 8,000. Ndiye pali ndalama zimene kasitomala amadya mwezi uliwonse ali kale m'buku mwanu. Kampani ya foni imadulapo yake pa ndalama iliyonse yodutsa pa M-Pesa kapena e-Mola, pali mauthenga otumizira manambala otsegulira, pali kumuimbira akachedwa, pali kupita kukaona batire ikakana kugwira moto. Tiziike zonsezi pa 100 pa mwezi, zimene ndi 2,400 pa miyezi 24. Chotsala ndi 8,600. Limeneli ndiye phindu la kasitomala wolipira bwinobwino osaphonya tsiku, ndipo ndi nambala yokhayi imene ili ndi chilolezo choima pa tsamba lija. Amene walemba ndalama zonse zolowa m'malo mwa phindu walakwitsa masamu ake pa mzere woyamba, ndipo wowerenga pulani sayenera kupitirira asanamubweze.

Nanga 600 ija, kodi wogulitsayo anauluka kukafika kwa kasitomala? Apa ndi pamene mapulani ambiri amabisa ndalama, kawirikawiri osati mwachinyengo koma chifukwa choti zinthu zina amaziika pa tsamba lina, pansi pa mutu wa zoyendetsera ofesi. Lamulo lake ndi losavuta. Ndalama iliyonse imene simukanaiwononga mukanakhala kuti simukusaka makasitomala atsopano ndi gawo la mtengo wopezera kasitomala. Mnyamata woyang'anira ogulitsa amalandira 9,000 pa mwezi. Petulo wa njinga yamoto, matayala ndi tcheni zimadya 6,000, chifukwa msewu wopita kumpoto si wa phula. Malo amene njinga siingafike amafuna boti, tinene 4,000. Kulengeza pa wailesi ya m'dera ndi kukaonetsa mababu akuyaka pamsika madzulo ndi 3,000. Malo ogona, chakudya cha paulendo ndi mayunitsi ndi 2,000. Zonse pamodzi ndi 24,000, ndipo zimatuluka kaya mwagulitsa kaya simunagulitse.

Mukagulitsa masola 20 pa mwezi, sola iliyonse yasenza 1,200 ya ndalama zimenezi. Onjezani komishoni ya 600 ndi 400 yonyamulira solayo kuchokera ku sitolo mpaka padenga la kasitomala n'kuikhoma. Kasitomala mmodzi wapezeka pa 2,200, osati 600. Gawani 8,600 ndi 2,200, mupeza pafupifupi 3.9. Wolemba pulani apumira m'mwamba, chifukwa wadutsabe mzere wa 3.

Koma kodi 3 ameneyu anachokera kuti, ndipo anamuikira ndani? Muyeso woti phindu la kasitomala lipitirire katatu mtengo womupezera, komanso kuti ndalama zomupezera zibwerere miyezi 12 isanathe, unafalitsidwa kwambiri ndi David Skok, woika ndalama m'makampani atsopano ku America. Iye amanena za makampani ogulitsa mapulogalamu a kompyuta olipiridwa mwezi ndi mwezi. Kampani yotero ikapeza kasitomala watsopano siimupatsa katundu wa 8,000 woti apite naye kwawo, ndipo kasitomala akasiya kulipira imangomutsekera, osataya kanthu kupatula zimene ikanalandira. Ndalama zake zimadulidwa zokha ku khadi la kubanki tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse. Bizinesi ya masola olipira pang'onopang'ono ndi yosiyana kwambiri, chifukwa ndi kukongoza anthu katundu. Wogulitsa sola pa dipoziti ya 1,000 wasanduka banki yaing'ono, angakonde asakonde, ndipo kasitomala woipa amapita ndi mpamba wake. Kubwereka muyeso wa 3 osabwereka mtundu wa makasitomala amene unapangidwira ndi kudzinamiza.

Palinso njira yachidule imene mafomu ambiri amaphunzitsa, yoti mutenge phindu la pamwezi n'kuligawa ndi gawo la makasitomala amene amachoka mwezi uliwonse. Ngati awiri pa 100 amachoka pa mwezi, akuti kasitomala amakhala miyezi 50. Pa sola yolipira miyezi 24 masamu amenewa alibe ntchito. Womaliza kulipira amatenga sola kukhala yake ndipo ndalama zimasiya kubwera, ngakhale akukukondani chotani. Ena amalemba kuti akadzamaliza adzagula wailesi yakanema kapena sola yokulirapo. Mwina adzagula. Koma kampani imene sinamalize ngakhale chaka chimodzi ilibe umboni wa zimene anthu amachita m'chaka chachitatu, ndiye mzere umenewo uzikhala wopanda kanthu mpaka umboniwo utapezeka.

Tsopano funso limene likulemera kuposa onse. Mwa anthu 100 amene atenga sola mwezi uno, ndi angati amene adzafike pa 19,000?

Pulani yathu yawerengera ngati onse adzafika, ndiponso pa nthawi yake. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti ndalama za kuno sizibwera mofanana tsiku lililonse. Usipa amaukola usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba mokwanira, choncho mwezi uliwonse uli ndi masiku ake a njala ya ndalama. Mwera ukayamba kuomba, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, mabwato amatha masiku ali pamchenga. Nthawi ya mvula usipa umatha kuwonongeka pathandala usanaume, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ana akufuna makope ndi yunifolomu sukulu ikamatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka. Msodzi akhoza kukhala ndi 3,000 m'thumba Lachiwiri n'kusowa 25 sabata yotsatira. Si kusakhulupirika, ndi mmene nyanja imalipirira anthu ake. Onjezani kuti kulipira pa foni kumafuna netiweki ndiponso ejenti woti amupatse ndalama zapamanja kuti aziike mu foni. Ejentiyo akakhala ulendo wa maola awiri, kapena akakhala kuti mu foni mwake mwatha ndalama, kasitomala wofunitsitsa kulipira amagonabe mumdima, ndipo m'buku mwanu tsiku limenelo lapita.

Tiyeni tsono tiwagawe anthu 100 aja patatu, mongoyerekezabe. Anthu 60 amamaliza, koma m'miyezi 30 m'malo mwa 24, chifukwa masiku ophonya amakankhira mapeto kutsogolo. Aliyense wa iwo wapereka 19,000, sola inadya 8,000, kumusamalira miyezi 30 kwadya 3,000, phindu ndi 8,000. Onse pamodzi abweretsa 480,000. Anthu 25 amalipira ndalama zokwana miyezi 12 kenako n'kuzilala, ena batire itafooka, ena atasamuka, ena atapeza waluso wodula waya n'kulambalala chotsekera. Aliyense wapereka 10,000 ndi dipoziti yomwe. Mukachotsa 8,000 ya sola ndi 1,500 yomuthamangira miyezi 15, chotsala ndi 500. Gulu lonse lasiya 12,500, ndalama zosakwana ngakhale kubweza zimene munawononga powasaka.

Otsala 15 ndiwo amapweteka. Amalipira miyezi itatu basi. Aliyense wapereka 3,250, wapita ndi katundu wa 8,000, ndipo kumuimbira ndi kumutsata kwadya 500. Mwataya 5,250 pa munthu, 78,750 pa gulu lonse. Olemba pulani amayankha msanga kuti akalanda masolawo. Kukalanda kuli ndi mtengo wake. Tinene kuti mwapeza 10 mwa 15, ndipo iliyonse mukaikonza n'kuigulitsanso pa 4,500, ulendo ndi kukonzako zadya 1,500. Mwapulumutsa 30,000, mwatayabe 48,750. Phatikizani magulu atatuwa ndipo mupeza 443,750 pa anthu 100, kapena kuti pafupifupi 4,400 pa munthu. Gawani ndi 2,200. Yankho ndi 2, osatinso 3.9, ndipo palibe chinthu chachilendo chimene chachitika. Palibe chigumula, palibe wakuba m'sitolo. Anthu angolipira monga mmene anthu amalipirira.

Taonani kuti kasitomala mmodzi wa gulu lachitatu amakutayitsani pafupifupi 3,250 ngakhale mutalanda zimene mungalande, osawerengera 2,200 imene munawononga pomusaka. Nanga anabwera bwanji m'buku mwanu? Kawirikawiri amabwera ndi komishoni. Wogulitsa amene amalandira 600 yake yonse tsiku lokhoma sola alibe chifukwa chofunsa ngati banjalo lingakwanitse. Mwezi ukamatha iye asanafike pa chiwerengero chake, amatha kuthandizira dipoziti ndi ndalama za m'thumba mwake, podziwa kuti komishoni imubwezera gawo lalikulu. Pa pepala makasitomala akuchuluka ndipo mtengo wowapezera ukutsika, abwana akusangalala. Zoona zake zimatuluka pakatha miyezi inayi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona kwa amene akufuna. Ikani makasitomala pansi pa dzina la wogulitsa aliyense, muwerenge masiku amene alipira mwa masiku 90 oyamba. Wogulitsa amene amabweretsa anthu ambiri kumapeto kwa mwezi, koma anthu ake amazima sabata lachisanu, akugulitsa ngongole zoipa. Mankhwala ake ndi kugawa komishoni, gawo lina tsiku logulitsa, gawo lina kasitomala akadutsa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi akulipira. Ogulitsa adzadandaula ndipo ena adzachoka, ndiye pulani yoona mtima iwerengerenso mtengo wophunzitsa olowa m'malo mwawo.

Kodi masola 20 pa mwezi muwagulitsa miyezi yonse 12? Mwezi wa mwera, boti silikuyenda ndipo asodzi alibe dipoziti, mwina mugulitsa 8. Ndalama zija za 24,000 zatulukabe. Sola iliyonse yasenza 3,000, ndipo ndi komishoni ndi kukhoma kasitomala wapezeka pa 4,000, kuti adzabweretse 4,400. Pulani imene yatenga mwezi wabwino n'kuuchulukitsa ndi 12 yalemba chaka chimene kunyanja kuno kulibe. Ndipo pali vuto lina limene limakula ndi nthawi. Makasitomala oyamba m'mudzi uliwonse ndi osavuta kuwapeza, monga aphunzitsi, anamwino, eni maukonde ndi eni magolosale, amene amabwera okha akangoona babu likuyaka kwa mnzawo. Amenewa ndi ochepa ndipo amatha m'miyezi ingapo. Otsatira ndi anyamata ogwira ntchito pa bwato la wina, amene amalandira gawo la nsomba zikakhalapo, ndi mabanja odalira munda wa chinangwa. Kuti mmodzi avomere pamafunika maulendo atatu kapena anayi, ndipo kalipiridwe kake n'kovutirapo. Ndiye kuti mtengo wopezera kasitomala umakwera pa nthawi yomweyo imene phindu lake likutsika. Manambala a miyezi itatu yoyamba ndi okoma kuposa onse amene kampani idzaone, koma ndi omwewo amene amalowa mu pulani.

Malo nawonso amasokoneza. M'tauni ya Metangula, mmene kasitomala ali pafupi ndi sitolo, ejenti ndi netiweki, muli magetsi a EDM, ndiye sola siifunika kwenikweni. Kumene ikufunika kwambiri ndi kumene kuli kutali, midzi ya kumpoto kulowera ku Kobwe ndi kupitirira. Kuphatikiza makasitomala onsewa n'kutulutsa nambala imodzi ya boma lonse kuli ngati kuthira chambo ndi usipa m'dengu limodzi n'kunena mtengo wa nsomba imodzi. Nambalayo ndi yoona pa masamu, koma palibe doko limene ikulinena. Pulani yanzeru imalemba tsamba limeneli padera pa dera lililonse, ndipo imalimba mtima kunena kuti malo akutiakuti sitipitako chaka chino chifukwa kasitomala wa kumeneko sakubweza ulendo wa boti.

Ku Kobwe kuli funso linanso limene wolemba pulani ali ku Maputo sangaliganizire. Kodi kasitomala wanu amapeza ndalama za dziko liti? Chilumba cha Likoma, chimene ndi cha Malawi, chili pafupi kwambiri ndi Kobwe kuposa mmene Metangula alili, ndipo anthu a mbali ziwirizi akhala akugulitsana zinthu kuyambira kalekale. Banja limene limagulitsa katundu wake m'makwacha koma likulipira sola m'mametikali limavutika kwacha ikagwa. Mu Novembala 2023 Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Kwa banja lotero, mametikali 25 a tsiku lililonse anayamba kufuna makwacha ochuluka, sola ili yomweyo. Asodzi enanso amatsata nsomba n'kukamanga misasa kwina kwa miyezi. Sola ya m'nyumba ndi yopepuka, imalowa m'bwato. Mukapita kukailanda mupeza denga lokha.

Tabwerani ku funso la nthawi, limene kugawa manambala awiri aja sikuliyankha n'komwe. Ndalama zanu zibwera liti, ndipo pozidikira mukudya chiyani? Tsiku lokhoma sola mwatulutsa 8,000 ya katundu ndi 2,200 yopezera kasitomala, mwalandira 1,000 ya dipoziti. Muli m'dzenje la 9,200. Malinga ndi pulani, mwezi uliwonse mulandira 750 n'kuwononga 100, ndiye 650 izikwirira dzenjelo, ndipo litseka pakatha miyezi yopitirira pang'ono 14. Koma kasitomala wabwino uja womaliza m'miyezi 30 amapereka pafupifupi 600 pa mwezi, chotsala 500, ndipo dzenje limatseka mwezi wa 19. Ameneyu ndi wabwino, kumbukirani. Magulu ena awiri aja salitseka konse.

Ndalama za m'dzenjezi zili ndi mwini wake. Mu 2023 chiwongoladzanja cha ngongole za kubanki ku Mozambique chinali chopitirira 20 pa 100 pachaka ngakhale kwa makasitomala odalirika, ndipo kampani ya achinyamata yopanda chikole siingayembekezere zotsika kuposa pamenepo. Tiike 2 pa 100 pamwezi. Ngongole ya 9,200 imene ikutsika pang'onopang'ono kwa miyezi 18 ili ngati theka lake, 4,600, loima nthawi yonseyo, ndipo chiwongoladzanja chake ndi pafupifupi 1,650. Tinapeza kuti kasitomala amabweretsa 4,400 ndipo anapezeka pa 2,200, kusiya 2,200. Chotsani 1,650. Mwatsala ndi 550 pa kasitomala aliyense, ndipo pa 550 imeneyi ndi pamene pachokere lendi ya sitolo, malipiro a wosunga mabuku ndi a inu eni ake. Pulani ija inayamba ndi kusiyana kwa 18,400.

Chowawa china ndi chakuti kampani yotere ikamakula msanga ndi pamene ndalama zimaithera msanga. Masola 20 pa mwezi ndi maenje atsopano okwana 184,000 mwezi uliwonse, akale asanatseke. Mukawirikiza malonda mwawirikizanso maenjewo. Kampani ya ku Germany ya Mobisol, imene inali ndi makasitomala ambirimbiri a masola olipira pang'onopang'ono ku Tanzania, Rwanda ndi Kenya, inalengeza mu 2019 kuti yalephera kubweza ngongole zake, ndipo chaka chomwecho inagulidwa ndi ENGIE. Kuchuluka kwa mayina m'buku sikunaitchinjirize. Ngati zinachitikira kampani yokhala ndi akatswiri ndi ndalama za ku Ulaya, gulu la ku Metangula likuyembekezera kupulumuka ndi chiyani?

Ena adzati thandizo lilipo, ndipo n'zoona. Pulogalamu ya BRILHO, imene inayamba mu 2019 ndi ndalama za boma la Britain ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la SNV, yakhala ikuthandiza makampani a masola ndi mbaula zamakono kuti afikire anthu opanda magetsi. Thandizo lotere ndi loyenera kwenikweni m'madera ngati kuno, kumene mtunda wokha umakweza mtengo wa kasitomala. Koma liziikidwa pa mzere wakewake. Wowerenga pulani aone manambala kawiri, ndi thandizo ndiponso popanda thandizo. Ngati popanda thandizo kasitomala aliyense akutayitsa ndalama, si tchimo, koma chinthucho ndi ntchito yachitukuko imene idzaime tsiku limene pulogalamu idzathe, ndipo ziyenera kunenedwa poyera. Mabungwe nawonso tiwafunse. Mukamalipira kampani pa sola iliyonse yokhomedwa, kodi simukuchita zomwe zija za komishoni ya tsiku loyamba? Mumabweranso pakatha chaka kudzaona ngati mababu akuyakabe?

Tisamveke ngati tikuti bizinesi imeneyi siingatheke pagombe pano. Masamu omwewa akusonyeza pamene pali poyambira, ndipo malowo ndi odabwitsa kwa amene anaphunzitsidwa kuti mtengo wopezera kasitomala uzitsika nthawi zonse. Tinene kuti mwakhwimitsa kasankhidwe. Dipoziti yakwera, wogulitsa akufunsa mfumu ndi a komiti ya padoko za munthuyo, ndipo akuyendera nyumba asanavomere. Malonda atsika kuchoka pa 20 kufika pa 15 pa mwezi. Ndalama za 24,000 zagawidwa kwa anthu ochepa, aliyense wasenza 1,600, ndipo kasitomala tsopano akupezeka pa 2,600. Mwadula ndi 400 pa munthu, 40,000 pa anthu 100. Koma malo aliwonse m'buku amene achoka kwa wothawa mwezi wachitatu n'kupita kwa womaliza akusintha kutaya 3,250 kukhala kupindula 8,000, kusiyana kwa 11,250. Malo anayi okha mwa 100 akasintha chotero, 40,000 ija yabwerera. Akasintha 10, phindu la kasitomala aliyense lakwera ndi zoposa 1,100. Kasitomala wodula kumupeza akhoza kukhala wotchipa kumusunga, ndipo kampani imene ikunyadira kuti yatsitsa mtengo wopezera anthu iyenera kufunsidwa kuti yatsitsa polola ndani kulowa.

Kalipiridwe nakonso kangathe kutsata nyanja m'malo molimbana nayo. Ngati msodzi amakhala ndi ndalama masiku a mdima ndipo amasowa mwezi ukawala, mulimbikitseni kulipiriratu masiku 30 ali nazo, pomuchotserako pang'ono. Kuchotsera masiku awiri ndi 50, pamene ulendo umodzi womutsata ndi njinga yamoto umadya zoposa pamenepo. Ndipo m'malo motumiza munthu wa ku Metangula pa boti mwezi ndi mwezi, wokonza mmodzi wokhala ku Kobwe komweko, wokhala ndi mabatire ndi mawaya osinthira, amachepetsa anthu a gulu lachiwiri lija amene amasiya kulipira chifukwa chinthu chafa ndipo palibe wabwera. Munthu salipirira mdima.

Kwa amene akuweruza mapulani, kaya kubanki ku Lichinga kaya m'mabungwe, pempho lathu ndi lakuti musiye kufunsa kuti manambala awiri aja akagawidwa akupereka zingati. Funsani buku. Lisonyeze anthu amene anatenga sola mwezi umodzi pa doko limodzi, dzina la amene anawagulitsa, ndi masiku amene aliyense walipira mwezi ndi mwezi kuchokera pamenepo. Gulu la mwezi wotsatira likhale pa tsamba lake, osalisakaniza ndi loyamba, chifukwa makasitomala atsopano nthawi zonse amalipira bwino masabata oyamba ndipo amabisa akale amene azima. Gulu loyambalo likhale litadutsa nyengo imodzi ya mwera ndi nyengo imodzi ya mvula. Ngati achinyamatawo alibe buku lotere chifukwa sanayambe, apatseni ndalama zokwanira masola 50 pa doko limodzi, zimene pa manambala athu aja ndi 460,000, osati za masola 2,000 m'boma lonse, ndipo mugwirizane tsiku lodzaonera limodzi tsambalo pakatha chaka.